Kodi ndikugulitsa nkhope kapena mbatata? Momwe mawu amalimbirana malo pachithunzi cha malonda

Mayi wina wa ku Ulongwe, amene amapikula mbatata ya kachewere kwa alimi a ku Angoniya ndi ku Tsangano n'kumatumiza matumba ku Tete ndi ku Mowatizi, anandipempha kuti ndiwakonzere chithunzi choika pa WhatsApp. Ankafuna thumba lodzaza bwino, mzimayi wogulitsa pambali pake, mapiri kumbuyo, ndi malo olembapo mtengo ndi nambala ya foni. Ndinatsegula Stable Diffusion, pulogalamu yopanga zithunzi kuchokera ku mawu yomwe inatuluka mu 2022, n'kulemba pulomputi, ndiye kuti mawu ouza makinawo chojambula. Ndinalemba m'Chingerezi chifukwa ndicho chilankhulo chomwe makinawa amamva bwino kuposa Chipwitikizi, ndipo Chichewa ndiye samva n'komwe.

```
smiling African woman, red headwrap, market stall, mountains, sunny day, sack of potatoes
```

Chinatuluka chithunzi chokongola zedi. Mzimayi wa duku lofiira akumwetulira, mano mbee, nkhope yadzaza chithunzi chonse. Mbatata inali pakona pansi, theka la thumba lokha. Pa zithunzi zinayi zomwe ndinatulutsa, chimodzi chinalibe mbatata ndi imodzi yomwe. Nditawaonetsa, mayi aja anayang'ana foniyo kanthawi, kenako anati: "Mwanawe, kodi ine ndikugulitsa nkhope kapena mbatata?"

Thumba, mzimayi ndi mapiri omwe anapempha zonse zinalimo mu pulomputi. Chomwe chinalakwika ndi chakuti mawuwo salandira gawo lofanana la chithunzi. Amalimbirana, ndipo pali zinthu ziwiri zomwe wolemba angagwire kuti asankhe wopambana: malo omwe liwu laima pamzere, ndi nambala yomwe amalipatsa kuti lilemere kapena lipepuke.

Tiyambe ndi malo, chifukwa ndi omwe anthu ambiri amadumpha. Pulomputi isanafike kumbali yojambula, imadutsa m'chigawo chowerenga mawu chotchedwa CLIP. Chigawochi chimadula mawu m'tizidutswa totchedwa matokeni. Liwu lachingerezi lodziwika limakhala tokeni imodzi, lachilendo limadulidwa kawiri, katatu kapena kuposa, ndipo ngakhale koma, kachizindikiro kolekanitsa mawu kaja, amawerengedwa ngati tokeni. Powerenga, CLIP imayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo tokeni iliyonse imaona zokhazo zomwe zili m'mbuyo mwake, osati zomwe zikubwera. Tanthauzo lake ndi lakuti liwu loyamba limasiya fungo lake pa mawu onse otsatira, pamene liwu lomaliza lilibe wina wolinyamula. Mu pulomputi yanga ija, pofika pa thumba la mbatata makina anali atamva kale za mzimayi, kumwetulira ndi duku. Thumbalo linalowa ngati katundu wa mzimayiyo, osati mwini chithunzi.

Palinso china chomwe chinampatsa mphamvu mzimayiyo ndisanawonjezere kalikonse. Makinawa anaphunzira pa zithunzi zochuluka kwambiri za pa intaneti, ndipo mwa izo za anthu ndi zosawerengeka, pamene za matumba a mbatata ndi zochepa. Liwu lotchula munthu limabwera lili lolemera kale. Kuwonjezera apo, liwu lakuti `smiling` silinena za milomo yokha. Kuti kumwetulira kuoneke nkhope iyenera kuyandikira, choncho liwu limodzi lomwelo limakokera kamera kunkhope. Ndiyenso ndinasankha chithunzi chachitali, 512 m'lifupi ndi 768 m'litali, choti chikwane pa foni, ndipo chithunzi choimirira chimaitana munthu woimirira. Zinthu zitatu zonsezi zinali kumbali ya mzimayi. Mbatata inalibe mnzake.

Apa ndi pomwe ndinachita zomwe aliyense wongophunzira za manambala amachita. Mu AUTOMATIC1111, pulogalamu yomwe ambiri timayendetsera Stable Diffusion pa kompyuta, liwu likaikidwa m'mabulaketi ozungulira kulemera kwake kumachulukitsidwa ndi 1.1. Mabulaketi awiri amapereka 1.21, atatu 1.33, ndipo mabulaketi amakona amagawa ndi 1.1, ndiye kuti liwulo limatsikira pa 0.91. Munthu angathenso kulemba nambala yeniyeni, zomwe ndi zabwino kuposa kuwerenga mabulaketi ndi chala pasikirini.

```
(potatoes)       1.1
((potatoes))     1.21
[potatoes]       0.91
(potatoes:1.3)   1.3
```

Ine, chifukwa cha manyazi a funso lija, ndinasiya mzere wonse momwe unalili n'kukweza thumba kufika pa 1.8. Mbatata inabweradi, koma inabwera ngati dzombe. Inali pathebulo, pansi, padenga la shedi. Mapiri a kumbuyo anasanduka milu yabulauni yokhala ndi timaso ngati ta mbatata. Khungu la mzimayi linakhala lokhakhala, mitundu inapsa, ndipo m'mphepete mwa zinthu munachita mizere yakuda yolimba. Umu ndi momwe munthu amadziwira kuti nambala yapitirira: chinthucho sichikula, koma chimafalikira, maonekedwe ake n'kumera pa zinthu zina, kenako chithunzi chonse n'kuoneka ngati chawauka. Kwa ine vutoli limayamba kuoneka cha pa 1.4 kapena 1.5, ngakhale malirewo amasuntha malinga ndi modelo, ndiye kuti mtundu wa Stable Diffusion, yomwe munthu akugwiritsa ntchito.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Nambalayo siuza makina kuti chinthu chikhale chachikulu kapena chikhale pakati. Imangochulukitsa manambala omwe CLIP yatulutsa poimira liwulo, kotero kuti liwulo limamveka mokweza pamene mbali yojambula ikusankha choika pamalo aliwonse a chithunzi. Liwu likakwezedwa pang'ono limapambana pamalo omwe linali kulimbirana ndi lina. Likakwezedwa kwambiri limapambana paliponse, ngakhale paphiri ndi pamasaya a munthu.

Ndinafufuta 1.8 uja n'kuyambiranso, ulendo uno osakhudza nambala iliyonse. Koma choyamba ndinakhoma `Seed`, nambala yomwe imasankha poyambira pa chithunzi. Bokosi limeneli likakhala pa -1, chithunzi chilichonse chimayambira pa timadontho tatsopano tosakanikirana mwachisawawa, ndipo simungadziwe ngati kusintha komwe mukuona kwabwera chifukwa cha mawu anu kapena mwayi chabe. Ndinalemba 1234, `Batch count`, yomwe imanena kuti makina ajambule kangati, n'kuika 4, kuti nthawi zonse ndiziona zithunzi za 1234, 1235, 1236 ndi 1237. Chithunzi chimodzi chimanama, zinayi zikagwirizana ndiye mwapeza kanthu. `CFG Scale`, yomwe imauza makina kuti atsatire mawu molimba bwanji, ndinaisiya pa 7, ndipo `Sampling steps`, masitepe omwe amadutsa pojambula, pa 25, osazikhudzanso mpaka ntchito kutha.

```
open sack full of potatoes, close-up, market stall, African woman standing behind the sack, mountains, red headwrap
```

Mawu ake ndi pafupifupi omwe aja. Thumba labwera kutsogolo, `close-up` waima pafupi nalo kuti kuyandikira kwa kamera kukhale kwa thumba osati kwa nkhope, `smiling` wachoka, ndipo mzimayi wauzidwa poima. Pa zithunzi zinayi, zitatu zinatuluka thumba lili kutsogolo, litatenga theka la pansi. Kungosuntha mawu kunachita zomwe 1.8 analephera, popanda kuwaula kanthu. Ichi ndi chifukwa chake ndimati mzere uyambe wakonzedwa, nambala ibwere pambuyo ngati mchere wapamwamba.

Chithunzi chachinayi chinali chikadali cha mzimayi, ndipo pa zitatu zinazo maso a munthu ankathamangirabe kunkhope. Apa nambala inali ndi ntchito tsopano. Koma m'malo mokweza mbatata yokha, ndinagawa ntchitoyo pawiri: thumba pa 1.2, mzimayi pa 0.8. Kusiyana pakati pa awiriwa ndi kwakukulu, koma palibe yemwe wachoka patali ndi 1, choncho palibe chomwe chikupsa. Anthu ambiri saganiza zotsitsa. Amaona ngati sikelo ili ndi mbali imodzi, pamene aliyense amene anagulapo nyemba pamsika amadziwa kuti mbale imodzi ikapepuka inayo imatsika yokha. Zithunzi zinayi zonse zinabwera thumba lili patsogolo, mzimayi ali kumbuyo, wooneka bwino koma wosalanda maso. Nditayesa kumutsitsa mpaka 0.5 anayamba kusowa, pena n'kutsala dzanja lokha pathumba.

Kuchokera apa mutha kuona chifukwa chake kukweza zonse kulibe phindu. Ndaonapo mapulomputi omwe liwu lililonse lili m'mabulaketi, ili 1.3, ilo 1.4, linalo 1.3. Wolembayo wafuula mawu onse mofanana, ndiye palibe lomwe lapambana linzake. AUTOMATIC1111 ikamaliza kuchulukitsa imabwezanso avereji ya manambala onse pomwe inali poyamba, kotero chomwe chimatsala kwenikweni ndi kusiyana kwa pakati pa mawuwo. Pa chithunzi cha malonda, chinthu chokwezedwa chikhale chimodzi, chomwe chikugulitsidwacho.

Kwa ife a kuno kuli msampha wina womwe anzathu a ku Dedza sakodwamo kawirikawiri. Kusukulu tinaphunzira kulemba manambala mwa Chipwitikizi, 1,3 osati 1.3, ndipo dzanja limalemba lokha. Pulogalamuyi imafuna dontho. Mukalemba ndi koma sidandaula, sionetsa cholakwa chilichonse, imangotenga manambalawo ngati mawu wamba a mu pulomputi, ndipo mabulaketi aja amapereka 1.1 yawo ya masiku onse. Ndinataya madzulo amodzi ndikukweza 1,3 kufika 1,6 n'kumadabwa kuti bwanji thumba silikusuntha. Njira yopewera ndi kusalemba nambalayo pamanja: sankhani mawuwo, gwirani `Ctrl`, n'kudina muvi woloza kumwamba kapena pansi, pulogalamu ilemba yokha.

Ndipo m'malo moyesa nambala imodziimodzi, pansi pa tsamba pali `Script` yotchedwa `X/Y/Z plot`. Mukasankha `Prompt S/R` n'kulemba mzere uwu, imafufuza mawu oyambawo mu pulomputi yanu n'kumawasintha ndi otsatirawo, kenako n'kuyala zithunzi zonse pamzere umodzi.

```
potatoes:1.2, potatoes:1.0, potatoes:1.1, potatoes:1.3, potatoes:1.5
```

Mukaziona zitandandalikidwa chonchi, malo omwe chithunzi chikuyamba kupsa amaoneka ndi maso. Ndimatenga nambala yotsika kwambiri mwa zomwe zagwira ntchito.

Vuto lomwe linandidyera nthawi yambiri silinali la kukula, linali la mtundu. Duku lofiira lija linayamba kuchucha. Pa zithunzi zina thumba linafiira, pa zina mbatata yeniyeniyo inatuluka ya khungu lofiirira, yooneka ngati ya kholowa. Kwa munthu wogulitsa kachewere, imene ku Tete amaitcha batata reno, chimenecho ndi chithunzi cha katundu wina. Makinawa samangirira mtundu ku chinthu chimodzi monga timachitira m'mutu mwathu. Liwu lakuti `red` limamveka pachithunzi chonse, ndipo limakonda kukhala pa chinthu chachikulu, chomwe tsopano chinali thumba langa. Kulikweza kuti likakamire paduku kumangowonjezera kuchuchako.

Chinathandiza ndi zinthu zitatu zazing'ono. Ndinapatsa mbatata ndi thumba mitundu yawoyawo, kuti pasakhale malo opanda mwini oti kufiira kukhalepo. Ndinasiya duku kumapeto kwenikweni n'kulitsitsa pa 0.9. Ndipo ndinagwiritsa ntchito liwu lakuti `BREAK`, lolembedwa m'zilembo zazikulu. Kuti limveke tiyenera kubwerera ku matokeni aja. CLIP imawerenga matokeni 77 pa nthawi imodzi, awiri mwa iwo ndi zizindikiro za poyambira ndi pothera, choncho a wolemba ndi 75. N'chifukwa chake pakona ya bokosi la pulomputi pamaoneka kanambala konga 31/75. Mukadutsa 75 kamasintha n'kukhala 150, kutanthauza kuti pulomputi yadulidwa m'magulu awiri owerengedwa paokhapaokha. `BREAK` amatseka gulu loyamba pomwe mwamuikapo n'kuyambitsa lachiwiri, ndiye mawu a mzimayi ndi duku amawerengedwa osaona mawu a thumba.

Izi zili ndi mbali ina yofunika kuidziwa. Gulu lililonse lili ndi liwu lake loyamba, ndipo liwulo limapeza mphamvu ya kutsogolo ija. Nditaika `BREAK`, mzimayi anakhala woyamba m'gulu lake n'kuyambanso kukula, moti ndinayenera kuika shedi ya pamsika patsogolo pake. Zomwezi zimachitika mwangozi kwa anthu olemba mapulomputi ataliatali: liwu lopanda ntchito lomwe lagwera pamalire a 75 limapezeka likulamulira, iwo osadziwa kuti lachokera kuti. Kuchucha kwa mtundu sikunatheretu, chifukwa pojambula magulu onse amakumanabe pachithunzi chimodzi, koma kunachepa kufika poti zithunzi zitatu pa zinayi zinali zoyera.

Bokosi lachiwiri, la `Negative prompt`, ndi la zinthu zosafunika, ndipo nalo lili ndi khalidwe lake. Ndinalembamo `sweet potato` kuti ndithamangitse kholowa, koma mbatata ya m'thumba inayamba kuchepa ndi kutaya maonekedwe, chifukwa liwu lachiwirilo ndi lomwe lija ndikulifuna. Makina anakankha zonse ziwiri. Ndinachotsa n'kulemba `red skin, purple` basi.

Pali zinthu zomwe nambala iliyonse singagule. Mayi aja anafuna kuti wogulitsayo avale kapulana. Ndinalemba liwulo, osatuluka kanthu, ndinalikweza, kunatuluka nsalu yosadziwika mtundu. Liwu lomwe makina sanalione mokwanira pophunzira lili ngati thumba lopanda kanthu, kulichulukitsa ndi 1.5 sikulidzaza. Mankhwala ake ndi kufotokoza chinthucho ndi mawu omwe makina amawadziwa, monga `African wax print fabric`. Chimodzimodzi thumba: mukangoti `sack` amakupatsani chiguduli chabulauni, pamene mbatata ya kuno imayenda m'matumba apulasitiki oluka. Phiri la Domwe ndiye musavutike, makina adzakupatsani phiri lililonse lomwe akulidziwa. Nambala siwerenganso zinthu, moti mukafuna matumba atatu enieni mudzapeza awiri kapena asanu, ndiponso siiika chinthu kumanzere kapena kumanja. Malo olembapo mtengo ndinawapeza popempha thambo loyera kumtunda, ndipo zilembo ndinaika ndekha pambuyo pake m'pulogalamu ina, chifukwa Stable Diffusion 1.5 ikalemba mawu amatuluka ngati mapazi a nkhuku.

Chenjezo lina ndi lakuti kalembedwe aka si ka mapulogalamu onse. ComfyUI, pulogalamu ina yoyendetsera Stable Diffusion, imalandira mabulaketi ozungulira ndi nambala momwemu, koma sibweza avereji ija, choncho 1.3 yemweyo amaluma kwambiri kumeneko ndipo pulomputi yokopera kwa mnzanu itha kupsa m'manja mwanu. Midjourney, pulogalamu inanso yopanga zithunzi kuchokera ku mawu, ili ndi njira yakeyake, yodula pulomputi ndi madontho anayi n'kuika nambala pambuyo pake.

```
sack of potatoes::3 market woman::1 --no text
```

Kumeneko manambala ndi oyerekezana basi, 3 kwa 1 ndi chimodzimodzi 6 kwa 2, ndipo `--no` ndi chidule cha kulemera kwa -0.5. Si mtundu uliwonse wa Midjourney womwe umalandira kalembedweka, ndiye yambani mwaona mtundu womwe muli nawo. Mapulogalamu a pafoni omwe mumangolemba ngati mukutumiza uthenga, ambiri sawerenga mabulaketi ngati nambala, ndipo ena amayamba alembanso pulomputi yanu m'mawu awo isanajambulidwe. Kumeneko chida chomwe chatsala ndi mzere ndi chiganizo chomveka: tchulani katundu poyamba, nenani kuti wadzaza mbali ya pansi ya chithunzi, nenani kuti munthu ali patali kumbuyo. Kuyesa ngati pulogalamu imamva manambala n'kosavuta. Lembani liwu limodzi pa 0.2, kenako pa 1.8. Ngati zithunzi sizikusiyana moonekeratu, mabulaketi anu ndi zokongoletsera chabe.

Pulomputi yomwe ndinamaliza nayo ndi iyi.

```
(open white woven plastic sack full of pale yellow potatoes:1.2), close-up, clear sky above
BREAK
market stall, (African woman standing behind the sack:0.8), African wax print fabric, distant hills, (red headwrap:0.9)
```

Mudzaona kuti mulibe liwu lakuti `large`. Ndinaliikamo poyamba, mkati mwa mabulaketi a 1.2, ndipo popeza chilichonse cha m'mabulaketi chimakwezedwa pamodzi, mbatata inatuluka ngati maungu. Ine ndinaona ngati ndi zabwino, malonda ndi kukopa. Mayi aja anapukusa mutu. Anati wogula wa ku Mowatizi akamasula thumba n'kupeza mbatata ya saizi ya dzira la nkhuku pamene pa foni anaona maungu, woimbiridwa foni ndi iwo, osati ine. Ndinachotsa liwulo, ndinatulutsanso zinayi, iwo n'kusankha cha 1236. Kenako anandiuza kuti Loweruka ndipite kudepoti kwawo ndikajambule matumba enieni ndi foni, kuti chithunzi chimenecho chizitsatira chinachi pa WhatsApp.